Mawu 250 ndi Ana a M'chikuta

"Werenganso."

"Ndawerenga kawiri. Alipo 277."

"Ndati werenganso. Kapena wawerenga ndi mayina athu omwe."

"Mutu ndi mayina sawerenga, a chefe. Pepala la malamulo likutero. Duzentas e setenta e sete."

A Gervásio anamenya tebulo mpaka kabelu ka makina otayipira kanalira. Iwowa anali técnico wa zachipatala, mkulu wa kagulu kophunzitsa azamba m'midzi ya Macanga ndi Tsangano. Ofesi yawo inali nyumba yakale yosungiramo fodya kumapeto kwa Furancungo, ndipo fungo la fodyalo linali lisanachoke m'makoma. Amene ankawerenga anali Octávio, wa ziwerengero wa kaguluko. Anachita masamu ku yunivesite ku Maputo, boma n'kumutumiza kuno kuti azidzawerenga ana. Pa benchi pafupi ndi khomo panakhala a Rosária, namwino wa amayi oyembekezera, manja atapinda pachifuwa.

Nkhani inali ya msonkhano wa za umoyo umene unkadzachitika ku Maputo. Wofuna kukalankhula kumeneko ankayenera kutumiza resumo, chidule cha ntchito yake m'Chipwitikizi, cha mawu osapitirira 250. Chokhala ndi 251 a komiti sachiwerenga n'komwe. Msewu wa ku Tete unali ndi mabomba okwirira, choncho envulopu inkayenera kupita ndi kandege kobweretsa mankhwala, kamene kankafika masana a tsiku lomwelo. Kakachoka, kena kankadzabwera tsiku lotsekera litadutsa.

Resumo imene a Gervásio analemba inali ndi mawu 341. Kuyambira m'mawa Octávio anakhala akuisadza. Anachotsa ndime yoyamba yonse, imene inkafotokozera madokotala a ku Maputo kuti umoyo ndi chinthu chofunika. Pamene panalembedwa kuti com o objectivo de avaliar anaikapo liwu limodzi, avaliámos. Ntchito yotere ankaikonda kuposa bawo. Liwu lililonse likagwa ankaika kadontho m'mphepete mwa pepala n'kumwetulira yekha.

"Ndiye sizovuta," anatero a Gervásio. "Tapitirira ndi 27. Ndime ya a Rosária ili ndi angati?"

"Quarenta e uma. 41."

"Chotsa. Titsala ndi malo ena apadera."

"Yerekezani kuikhudza," anatero a Rosária osadzuka pa benchi.

"Mana Rosária," anatero a Gervásio, "si ine ndaika malire. Ndi a komiti."

"A komiti anena kuti mawu akhale 250. Sananene kuti achoke anga."

Ndime imene ankalimbiranayo inali ndi mbiri yake, ndipo onse atatu ankaidziwa bwino. M'chaka cha 1989 a Rosária ankayenda m'midzi ya ku Chidzolomondo pa njinga, ndipo mnzawo Bertina ankachita chimodzimodzi ku Tsangano. Ankakhala pa mphasa ndi amayi kuseri kwa nyumba n'kufunsa mmodzimmodzi amene wabereka, ndi amene mwana wake sanakhalitse. Anapeza ana obadwa amoyo 612, ndipo 38 mwa iwo anamwalira mwezi usanathe, ambiri ndi kafumbata wolowera pa mchombo. Kenako azamba anaphunzitsidwa kusamba m'manja ndi kudula mchombo ndi lumo latsopano. Koma mu 1990 anthu a mfuti anatseka njira, anamwino sanathenso kutuluka, ndipo a Gervásio anapempha ma secretário, alembi a m'midzi, kuti azitumiza ziwerengero. Zinabwera zokongola. Obadwa 574, omwalira 9.

Ma secretário onse anali amuna. Mwana wobadwa ankamulemba msanga, poti dzina likalowa m'kaundula banja linkalandira ufa wowonjezera. Koma pa imfa ankalemba maliro amene adzukulu akumba manda ndipo mudzi wasonkhana. Khanda lomwalira lili m'chikuta silikhala ndi maliro otero. Amayi akuluakulu amalinyamula okha, kukaliika okha, osalira mokweza, ndipo mwamuna safikako ngakhale kufunsa. Ndime ya a Rosária inkanena zimenezi.

"Pali zina," anatero Octávio, maso ali pa pepala. "Apa mwalemba obadwa 621. Macanga 352, Tsangano 260. Amenewo ndi 612. Manambala asinthana malo."

"Konza."

"Ndakonza. Ndiye apa mwati imfa zinali 6,2% chaka choyamba, 16% chaka chachiwiri. Wowerenga aona ngati zakwera."

"Zatsika! Makinawa alibe chizindikiro cha por mil, cha pa chikwi, ndinaiwala kuwonjezera kaziro ndi cholembera."

"Eya. Koma choyambacho mwachiwerengera pa zana, chachiwiri pa chikwi. Zonse zikhale pa chikwi: 62 ndi 16. Ndilemba ndi mawu, por mil nados-vivos, kuti kaziro kasatipusitsenso."

"Chabwino, chabwino."

"Basi mawu awonjezeka atatu. Tili pa 280."

A Gervásio anavula magalasi. "Iwe, ndakuuza kuti udule, ukuwonjezera? Ku yunivesiteko anakuphunzitsa kuchotsera kapena munalekera pa kuphatikiza?"

"Cholakwa chimakhala chachifupi, a chefe. Chokonza n'chimene chimadya malo."

"Usandiphunzitse. Chotsa ndime ya mayiwa."

Apa a Rosária anaimirira. Anali aafupi, koma m'kachipindamo anaoneka ngati adzaza khomo lonse.

"A Gervásio, munabadwira ku Chidzolomondo inu. Munapitako ku maliro a khanda la masiku asanu?"

"Mwamuna sapita. Zimenezo n'zodziwika."

"N'zodziwika kwa inu, kwa ine, ndi kwa mnyamata wa madonthoyu. Wa ku Maputo azidziwa bwanji? Iye aona 62, aona 16, aombe m'manja."

"Ndiye kuomba m'manja n'kulakwa? Azamba aja sanaphunzire? Malumo sitinagawe? Sopo sitinagawe?"

"Tinagawa. Mwina zathandiza. Ine sindikudziwa, inunso simukudziwa. Bertina wanena pa wailesi sabata yatha kuti kumudzi umodzi wokha wa ku Tsangano, amayi obwera kudzagulitsa kachewere amuwerengera makanda anayi. Mudzi umodzi! Pa pepala lanu distrito ziwiri zonse ndi asanu ndi anayi."

"Zonena za pamsika sizilowa mu resumo."

"Sindikuti zilowe. Ndikuti tinene amene anawerenga."

A Gervásio anabweza magalasi pamphuno n'kulankhula pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi odwala osamva. "Tamverani. A komiti alandira ma resumo mazana. Akaona yathu ikunena yokha kuti manambala ake ndi okayikitsa, aitaya m'dengu. Ndiye dzina la Macanga silimveka n'komwe. Koma akailandira, ine ndikaima pamaso pawo, ndipo za chikutazo ndikanena ndi pakamwa panga."

"Pakamwa! Mphindi khumi, anthu akuyasamula kudikira tiyi. Chimene chimatsala ndi buku la ma resumo. Ogawa katemera amawerenga bukulo, pakamwa panu sakhalapo. Firiji yathu ili ndi mabotolo angati a katemera wa kafumbata? Octávio, uwauze."

"Anatha mwezi watha," anatero Octávio.

"Anatha. Ndipo titapempha anatiyankha chiyani? Akuti katemera ndi wochepa, ayamba ndi kumene ana akufa kwambiri. Inu mukufuna kuwalembera, ndi chidindo pamwamba, kuti kuno ana analeka kufa. Amayi amene ali ndi pakati panopa ndidzawabaya chiyani? Resumo?"

Panja panadutsa asilikali awiri akukankha wilibala ya nkhuni. Onse atatu anakhala chete mpaka phokoso la gudumu litapita.

"Palinso china," anatero a Gervásio motsitsa mawu. "Ndime yanuyo ikuti namwino sanathe kufika m'midzi chifukwa njira ili m'manja mwa ena. Mukufuna zimenezo zisindikizidwe m'buku, dzina langa lili pamwamba? Akuluakulu akuti distrito yonse ili m'manja mwathu."

"Ngati ili m'manja mwathu ndibwerekeni njinga ndipite."

Octávio anakweza pensulo. "Za njirazo zikhoza kuchoka. Sitikufunika kunena chifukwa chake namwino sanapite. Tingonena amene anawerenga, ndi chimene sakanatha kuona. Ndipatseni kanthawi."

Anawerama. Ndime ya a Rosária inali ndi ziganizo zitatu, ndipo anailemba monga amalankhulira, kuyambira kutali. Octávio anachotsa za njinga, za njira, ndi za mphasa. Anasiya mafupa okhaokha, n'kuyamba kuwasuntha. Analemba, kufufuta, kuwerenga ndi nsonga ya pensulo, kufufutanso. Anayamba kuimba kamluzu osadziwa.

"Ukusangalala?" anafunsa a Rosária.

Kamluzu kanaduka.

"Ndikufunsa. Ana a anthu awa. Iwe ukuwatenga ngati njere za bawo."

"Mana, ndikuyesa kuwapezera malo."

"Apezere uli chete."

Anawapezera ali chete. Patapita kanthawi anawerenga mokweza: "Em 1990 os óbitos foram notificados por secretários, homens ausentes dos enterros de recém-nascidos, a descida pode reflectir subnotificação."

A Rosária anatseka maso n'kuchitembenuza m'mutu. "Mu 1990 imfa ankanena ndi ma secretário, amuna amene sakhalapo poika makanda. Kutsikako mwina n'chifukwa choti imfa zina sizinanenedwe." Anatsegula maso. "Recém-nascidos ndi liwu limodzi kapena awiri?"

"Limodzi. Kamzere kakulumikiza."

"Chikuta wachitaya."

"Chikuta chikufuna mawu ena asanu ndi awiri ochifotokozera. Wa ku Maputo sachidziwa."

"Hm. Koma tanthauzo lilipo. Angati?"

"Dezanove, 19. Kuchoka pa 41. Tili pa 258."

"Mwaona?" a Gervásio anatambasula manja. "Sizikukwanabe. Ine ndinanena."

"Zikwana," anatero Octávio. "Koma mawu omaliza ayenera kusintha. Panopa akuti maphunziro a azamba achepetsa imfa za makanda ndi 75%. Sitinganene pamwamba kuti mwina sitinawerenge onse, pansi n'kunena kuti tachepetsa ndi 75%. Wowerenga atiseka."

"Chiganizo chimenecho ndiye resumo yonse!"

"Tikhoza kuchifewetsa. Pode ter reduzido. Mwina achepetsa."

"Ayi," anatero a Rosária. "Iwenso usayambe. Munthu wothamanga amaona 75 yekha, mwina wakoyo samuona. Lemba kuti zaka ziwirizi sizingayerekezedwe, ndipo katemera wa amayi apakati apitirire."

Octávio analemba. Chiganizo chatsopanocho chinatalika ndi mawu atatu kuposa chakale, ndiye anafika pa 261. Anabwerera pamwamba n'kutsika mzere ndi mzere ngati munthu wofuna nsabwe m'msoko. Durante o ano de 1989 inasanduka em 1989, atatu anagwa. Kenako pensulo inaima pa mzere wotsiriza, wothokoza akuluakulu a distrito chifukwa cha thandizo lawo.

"Amenewa ndi asanu ndi atatu ndendende," anatero, ndipo nkhope yake inalephera kubisa chimwemwe. "Mu resumo sathokoza, malamulo sakufuna. Akachoka amenewa, duzentas e cinquenta. Osaposa, osachepa."

"Thandizo lake liti?" anatero a Rosária. "Chotsa."

Octávio analowetsa pepala loyera m'makina, kaboni kumbuyo, n'kutayipa mosamala chifukwa riboni inali yotha ndipo mapepala oyera anatsala awiri okha. Introdução, Métodos, Resultados, Conclusão. Atamaliza anawerenganso liwu ndi liwu, n'kupereka kwa a Gervásio ndi manja awiri.

A Gervásio anawerenga ataimirira. Anawerenga mpaka pansi, n'kubwereranso pakati.

"Ndiye ine ndikwere ndege, ndikaime pamaso pa madokotala a dziko lonse, ndikanene kuti chaka chathunthu ndinawerengetsa anthu olakwika."

"Mukanene kuti tinawerenga ndi amene analipo," anatero Octávio. "Ena m'madistrito ena akuchita zomwezo osadziwa. Chimenechi n'chimene a komiti angachikonde."

"Iwe ukudziwa zimene a komiti amakonda? Unakhalapo mu komiti? Mwana wadzulo, ndevu zako ndingaziwerenge osafika pa 250."

"A Gervásio," anatero a Rosária, "munthu akalakwa chifukwa cha nkhondo palibe amene amamuseka."

"Musandinyengerere ngati ndili pa bedi lanu loberekera! Ine ndakhala m'dzenje lino chiyambire nkhondo. Anzanga amene ndinaphunzira nawo ali ku Beira, ali ku Maputo, ana awo amawaona tsiku ndi tsiku. Wanga wamng'ono ali ku Matola, amandidziwira pa chithunzi. Ntchito imodzi yokha yatuluka bwino m'manja mwanga, imodzi, ndiye inu mukufuna ndiipake matope ndekha?"

"Sinatuluke bwino. Yangolembedwa bwino."

"Tulukani."

"Sindituluka. Dzina langa lili pa pepalapo."

"Likhoza kuchoka. Mayina sawerenga."

Kutali kunamveka kulira kwa injini. Ana a kumsika anayamba kukuwa kuti ndege, ndege. Woyendetsa kandegeko sankazimitsa injini nthawi yaitali pabwalo la Furancungo, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake.

A Gervásio anamukankha Octávio pa mpando n'kukhalapo okha. Anatenga pepala loyera lotsiriza, kaboni kumbuyo, n'kuyamba kutayipa ndi zala ziwiri. Ankakopera resumo ya Octávio mzere ndi mzere. Anasunga 612. Anasunga por mil nados-vivos. Anasunga avaliámos ndi em 1989, ndi kudula konse kumene mnyamatayo anavutikira kuyambira m'mawa. Atafika pa chiganizo cha ma secretário chala chawo chinadumpha n'kupita pa mzere wotsatira. Pa Conclusão sanayang'anenso pepala, analemba za pamtima, chiganizo chawo chakale chija: A formação das parteiras reduziu a mortalidade neonatal em 75%.

"A chefe," anatero Octávio.

"Khala chete."

"A chefe, imeneyo si resumo imene ndakonza."

"Ndi imene wakonza. Ilibe cholakwa ngakhale chimodzi. Manambala onse ndi oona, wawayesa wekha."

Nambala iliyonse payokha inalidi yoona.

A Rosária anadikira mpaka pepala litatuluka m'makina. Analitsomphola lisanafike pa tebulo, n'kutulutsa cholembera m'thumba la yunifolomu. A Gervásio anawagwira dzanja.

"Mukaling'amba, lina palibe."

"Sindiling'amba. Ndisiyeni."

Anadula mzere umodzi pa dzina lawo, wina pa dzina la Bertina.

"Bertina simunamufunse."

"Ndimuuza pa wailesi. Akafuna kubwereramo akuuzani yekha."

"Resumo ya azamba yopanda namwino ndi mmodzi yemwe. Mwandichititsa manyazi."

"Ndiye kuti mukadali nawo."

A Gervásio anayang'ana Octávio, kudikira ngati nayenso apempha cholembera. Dzina lake linali lachinayi, lomaliza. Octávio anatambasula dzanja kwa a Rosária, kulandira cholembera, n'kudula mzere pa dzina lake. Pamwamba pa pepala panatsala dzina limodzi.

Chidindo chinali m'kabati. A Gervásio anachitulutsa, kuchipumira mpweya poti inki inali youma, n'kuchidinda ndi mphamvu yoposa imene chinkafuna. Kandege kanadutsa pamwamba pa denga n'kugwedeza malata. Anapinda pepala, n'kuyamba kufunafuna envulopu pansi pa mafayilo.

Pepala la kaboni linatsala pafupi ndi makina. Octávio sanafune kuliwerenga, koma pensulo inali kale m'manja, ndipo nsonga yake inayamba yokha kuyenda pa mizere. Milomo yake inkagwedezeka. A Rosária ankamuyang'ana.

"Angati?" anafunsa atafika pansi.

Octávio anaika pensulo pa tebulo.

"Ndakufunsa, angati?"

"228."

"Ndiye atsala angati kuti akwane?"

"Vinte e duas."

"Chiganizo chija chinali ndi angati?"

"Dezanove, mana."

A Gervásio anali atapeza envulopu. Ananyambita m'mphepete mwake, kuimata, n'kuipsinja ndi chibakera pa tebulo. Anatenga chipewa pa msomali. A Rosária anali ataima pakhomo, ndipo sanasunthe.

"Ndidutse. Ndege sidikira."

"Kuyambira m'mawa mwakhala mukundiuza kuti malo palibe, malire ndi a komiti, si inu. Malo ndi awo, makumi awiri ndi awiri, ali mbee." Mawu awo sanakwere. "Ana aja mwawasiyiranji kunja?"